Kulemba katalogi ya holoselo yoti wooda asafunsenso kuti "muli zingati m'katimo?"

Ndimalembera amalume anga mabuku mu holoselo yawo ya zagolosale pa Bangula. Ooda athu ambiri ndi a maokala ndi timagolosale ta ku Tengani, Phokera ndi Sorgin, ndipo ena amachokera kutsidya, ku Makhanga, komwe katundu amaoloka pa bwato pa Mtayamoyo. Ambiri mwa iwo sabwera okha. Amaimba foni, amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, kenako amatuma mnyamata wa kabaza kudzatenga katundu.

Tsiku lina mayi wina wa kutsidya anaimba n'kunena kuti, "Achimwene, mundiikire sopo awiri ndi mafuta amodzi." Ndinatchula mtengo wa zonse pamodzi, iwo anadandaula pang'ono kuti zinthu zakwera, koma anatumiza ndalama. Ine ndinatulutsa makatoni awiri a sopo wamtanda wochapira ndi chigubu cha mafuta cha malita 20. Madzulo foni inalira. Mayiwo ankafuna sopo wosambira wamng'ono uja, ndi katoni ya mafuta a m'mabotolo, chifukwa iwo sagulitsa mafuta oyeza m'timachubu. Katunduyo anali ataoloka kale, ndipo anabwerera pa bwato lomwelo ife tikulipira ulendo wobwera ndi wopita. Wolakwa sanali iwo. Pepala la mitengo lomwe tinkagawa nthawi imeneyo linangolembedwa kuti "Sopo" ndi "Mafuta", mtengo kutsogolo, basi.

Katalogi yomwe ndikufotokoza pano ndi ya pepala limodzi la A4 lolembedwa kuwiri, yokhala ndi mizere pafupifupi 80. Si buku lonyezimira la zithunzi lija amasindikiza a makampani ku Blantyre. Ntchito yake ndi yoti munthu amene ali kutali awerenge mzere umodzi, adziwe chomwe akugula, aode, ndipo inu mutulutse chomwecho.

Yambani ndi kuyendera shelefu, osati kompyuta

Tengani kope, cholembera ndi sikelo, mulowe mosungira katundu. Pa katundu aliyense lembani zomwe zalembedwa pa paketi penipeni, osati zomwe mukukumbukira. Tsegulani katoni imodzi muwerenge zomwe zili m'katimo. Musadalire zoti "timadziwa kale", chifukwa opanga katundu amasintha kukula kwa zinthu mwakachetechete: sopo yemwe munazolowera amachepa thupi, katoni yomwe inkakhala ndi 30 imabwera ndi 24, koma dzina pa katoni n'kukhala lomwelo. Mukatha kuwerenga, ikani belo kapena katoni yonseyo pa sikelo, mulembe kulemera kwake.

Katundu mmodzi akakhala wa misinkhu itatu, imeneyo ndi mizere itatu. Mafuta a botolo la 500 ml, a lita imodzi ndi a chigubu cha malita 20 si chinthu chimodzi ayi, ngakhale atachokera ku fakitale imodzi. Wogula wake ndi wosiyana, mtengo ndi wosiyana, kanyamulidwe n'kosiyananso.

Pamene mukuyendera, mupeza katundu yemwe wakhala pakona chaka chathunthu akudya fumbi. Ameneyo musamulowetse m'katalogi. Mugulitseni motchipa kwa obwera pakauntala. Mzere uliwonse wa m'katalogi ndi lonjezo loti katunduyo mumakhala naye ndipo akatha mukaodanso.

Mzere umodzi ukhale ndi chiyani

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo mpofunika kudekha. Mzere uliwonse uyankhe mafunso awa motsatizana, osasintha ndondomeko kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza: ndi chiyani, n'chachikulu bwanji chimodzi, chapakidwa motani ndipo muli zingati, phukusi lonse likulemera bwanji, mtengo wa phukusi ndi zingati, ndiye chimodzi chikugwera pa zingati. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekezera kuti muone kalembedwe, inu muikepo yanu ya tsikulo.

```
SH-01 | Shuga wabulauni | 1 kg | belo, 20 | 20 kg | K60,000 | K3,000
MF-02 | Mafuta ophikira, botolo | 1 L | katoni, 12 | 12 kg | K66,000 | K5,500
MC-01 | Mchere wa ayodini | 500 g | belo, 40 | 20 kg | K24,000 | K600
```

Dzina la chinthu liyambe, mawu ochifotokoza atsatire. Lembani "Sopo wochapira, wamtanda" ndi "Sopo wosambira, wamng'ono", kuti diso likamatsika ndi pepala lizipeza mawu oti sopo ali malo amodzi. Ngati muli ndi sopo wa makampani angapo, dzina la pa paketi libwere pambuyo pa mawu amenewa, lolembedwa monga liliri pa paketipo, chifukwa ndi lomwe wogula wa ku okala amatchula. Gwiritsani ntchito dzina lomwe ooda anu amalitchula pakauntala. Ngati aliyense amati "soya", musalimbane ndi dzina lalitali la pa katoni.

Mawu okometsera achotseni onse. "Wabwino kwambiri", "wapamwamba", "wokoma zedi" sathandiza munthu amene akuwerengera mpamba wake. Mawu ofotokozera akhale okhawo amene angasinthe maganizo a wogula kapena kuletsa mkangano: shuga woyera kapena wabulauni, ufa wa tirigu wa mandasi kapena wa buledi, mabatire aakulu a wailesi kapena aang'ono a tochi, mpunga wa Kilombero kapena wa Faya, wosweka kapena wathunthu. Ine ndimadziikira malire akuti kufotokozako kusapitirire mawu asanu. Kukapitirira, ndiye kuti mwina ndaphatikiza zinthu ziwiri mu mzere umodzi.

Chenjerani ndi mawu oti belo, katoni, bandulo ndi paketi. Mawu amenewa paokha satchula nambala. Belo la shuga wa 1 kg limakhala ndi mapaketi 20, ndipo aliyense amadziwa zimenezo, koma belo la mchere kapena la soya limatengera wopanga ndi kukula kwa paketi. Machesi ndiye amasokoneza kwambiri: wina akati "paketi" akunena kabokosi kamodzi, wina akunena mabokosi khumi okulungidwa pamodzi, winanso akunena mtolo waukulu wa zokulungidwazo. Choncho pambuyo pa mawu oti belo kapena katoni nthawi zonse pabwere nambala. Dazeni yokha ndi yomwe imadziyankhira, chifukwa ndi 12 kulikonse.

Gawo lomaliza, la mtengo wa chimodzi, amalume ankalikana poyamba. Ankati tikuwawerengera anthu masamu awo. Koma ndi gawo lomwe wa okala amayang'ana koyambirira, chifukwa iye amagulitsa chimodzichimodzi. Akaona kuti botolo likumugwera pa K5,500 ndipo kumudzi kwawo likuyenda pa K6,200, wadziwa kale kuti pa katoni apeza K8,400 asanachotse ya kabaza. Popanda gawo limeneli amakuimbirani kuti mumugawire, kapena amagawa yekha molakwika, n'kudzakunenani kuti ndinu odula. Ngati mukulemba mu Excel, mtengo wa phukusi uli mu G ndipo chiwerengero cha zam'kati chili pachokha mu E, lembani izi mu H2 n'kukokera pansi:

```
=ROUND(G2/E2,0)
```

Mukasintha mtengo wa katoni, wa chimodzi usintha wokha. Onetsetsani kuti mu G muli nambala yokha yopanda K kutsogolo, ndipo mu E namonso muli nambala yokha. Mukalembamo "katoni, 12" pamodzi, Excel ikuonetsani #VALUE! m'malo mwa mtengo, choncho mawu oti katoni akhale m'gawo lawolawo.

Kulemera kwa phukusi

Ma holoselo a m'tauni sasamala za gawo limeneli chifukwa ogula awo amabwera ndi galimoto. Kuno kuchigwa katundu amayenda pa njinga yakapalasa, pa njinga yamoto, pa ngolo ndi pa bwato, ndipo wonyamula amatchula mtengo poona kulemera. Wooda wa ku Makhanga ayenera kudziwa asanalipire ngati katundu wake akwane ulendo umodzi. Mabelo awiri a shuga, katoni ya mafuta ndi belo la mchere ndi 72 kg, ndipo munthuyo atha kuwerengera yekha ali pakhonde pake. Akafuna kuwonjezerapo thumba la ufa wa tirigu la 50 kg, adziwa kuti tsopano akufunika njinga yachiwiri, kapena adikire tsiku lomwe ngolo ikubwera.

Pa zinthu zamadzi musangotembenuza malita kukhala makilogalamu. Lita ya mafuta ophikira siifika kilogalamu imodzi, moti malita 20 amalemera 18 kg ndi kanthu, kenako muwonjezere chigubu chenichenicho. Zakumwa za m'mabotolo agalasi ndi zina: botolo ndi kiredi zimawonjezera kwambiri. N'chifukwa chake ndanena kuti sikelo ikhale nanu poyendera shelefu. Pa zakumwa zomwezo lembaninso ngati mtengowo ndi wa munthu wobwera ndi mabotolo opanda kanthu kapena ayi, apo ayi mudzakangana ndi wa kabaza amene watumidwa chimanjamanja.

Kusanja: chiyambe n'chiti

Musasanje motsatira afabeti. Ndinayesapo, ndipo mafuta ophikira anakhala moyandikana ndi mafuta odzola, machesi ndi makandulo, pamene shuga anapita kuseri kwa pepala. Palibe wa okala amene amaganiza motero. Iye akamaoda amayang'ana shelefu yake: zophikira, zakumwa ndi zotafuna, zochapira ndi zosambira, zoyatsira ndi zowunikira, za ana asukulu. Magulu anu akhale amenewo, asanu kapena asanu ndi limodzi, lililonse ndi mutu wake wa zilembo zakuda kwambiri.

M'kati mwa gulu, yambani ndi katundu woyenda kwambiri. Musaganizire ndi mutu. Tengani mabuku a malisiti a miyezi itatu yapitayi, muike kamzere pa katundu nthawi iliyonse akaoneka pa lisiti. Muwerenge kuti waoneka kangati, osati kuti wabweretsa ndalama zingati, chifukwa cholinga ndi choti zomwe anthu ambiri amafuna azizipeza osafufuza. Kwa ife shuga, mafuta, mchere ndi soya zinatsogola, ndipo zili pamwamba pa tsamba loyamba. Katundu mmodzi wa misinkhu ingapo akhale pamodzi, kuyambira wamng'ono kutsikira kwa wamkulu, kuti wogula aone yekha mmene mtengo wa chimodzi ukusinthira.

Pali phindu lina lomwe sindinaliganizire poyamba. Anthu amaoda motsatira pepala, kuchokera pamwamba kutsika. Ngati zolemera zili koyambirira ndipo zopepuka ndi zophwanyika zili kumapeto, oda imafika itasanjika kale mmene anyamata ayenera kupakirira: shuga ndi mchere pansi, mabisiketi ndi makandulo pamwamba. Tinasunthanso mashelefu ena kuti afanane ndi pepalalo, moti wotulutsa katundu amayenda njira imodzi osabwerera m'mbuyo. Sopo waufa, mankhwala ophera tizilombo ndi chilichonse cha fungo lamphamvu chili ndi gulu lake kumapeto, ndipo chimamangidwa pachokha. Shuga kapena ufa ukagona usiku umodzi pafupi ndi sopo m'chitentho cha kuno, umatenga fungo, ndipo mandasi ake sagulika.

Pamwamba penipeni pa tsamba loyamba siyani kabokosi ka mizere inayi kapena isanu ka katundu wa nyengo. Sukulu zikamatsegulira mu Sepitembala muikemo makope ndi zolembera. Dzinja likayandikira muikemo mapepala apulasitiki ofolera, makandulo ndi mabatire. Alimi akamagulitsa thonje ndi chitowe muikemo matumba opanda kanthu ndi ulusi wosokera. Kabokosi kokhako ndi komwe kazisinthasintha. Zina zonse zikhale pamalo pake mwezi ndi mwezi, kuti chala cha wooda chizolowere popita.

Manambala a katundu

Mzere uliwonse ukhale ndi nambala yake yaifupi: zilembo ziwiri za katundu ndi manambala awiri, monga SH-01 pa shuga ndi SP-03 pa sopo. Ambiri mwa ooda athu ali ndi timafoni ta mabatani, ndipo ena amalankhula Chisena chothina pamene mnyamata wolandira foni ndi wa ku Thyolo. Nambala imathetsa zonsezo. Uthenga wa oda umangokhala chonchi:

```
SH-01 x2
MF-02 x1
MC-01 x1
```

Ife timayankha kuti zonse ndi K210,000, kulemera 72 kg, ndipo katundu satuluka mpaka wooda atavomera.

Pewani zilembo O ndi I, chifukwa pa pepala la fotokope zimafanana ndi 0 ndi 1. Ndipo nambala ikaperekedwa kwa katundu, ndi yake mpaka kalekale. Mukasiya kugulitsa sopo wa SP-03, musapereke nambalayo kwa sopo wina, chifukwa kwinakwake kuli munthu amene wamata pepala lakale pakhoma ndipo adzaoda SP-03 akuganiza za sopo wakale uja. Katoni ikasintha kuchoka pa 30 kufika pa 24, imeneyonso ndi nambala yatsopano. Katundu akangotha kwa masiku ochepa, mzere wake musaufufute. Pamalo pa mitengo yonse iwiri lembani kuti "watha", kuti anthu asaganize kuti munasiya.

Tsiku la mitengo ndi malamulo a pansi pa pepala

Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mitengo inasinthira m'masiku ochepa. Ife tinali titangogawa mapepala sabata yomweyo, opanda tsiku, ndipo anthu ankabwera nawo m'manja akuti, "Koma mwalemba nokha apa." Kuyambira pamenepo pamwamba pa tsamba lililonse pamakhala tsiku, ndi chiganizo chimodzi: "Mitengo iyi ndi ya tsiku lili pamwambali, tsimikizani musanatumize ndalama." Tsiku likhale pa masamba onse awiri, chifukwa anthu amajambula tsamba limodzi n'kutumizirana.

Pansi pa tsamba lachiwiri lembani malamulo anu mwachidule, mizere isanu yakwana. Nenani ngati mumalola theka la katoni kapena la belo, ndipo ngati mtengo wake ndi wokwererapo. Nenani ngati msonkho wa VAT uli kale m'mitengoyo. Nenani amene amalipira ndalama yotapira pa foni, popeza iyi ndi nkhani yomwe imayambanitsa anthu tsiku ndi tsiku. Nenani kuti katundu akangokwera njinga kapena bwato ali m'manja mwa ndani. Shuga ndi mchere zikanyowa pooloka sizibwerera mwakale, ndipo ndi bwino munthu awerenge zimenezi dzuwa likuwala kusiyana n'kuti mudzakambirane belo litasungunuka.

Pa katundu woopa kutentha, monga majarini, masiwiti ndi makandulo, ikani kanyenyezi ndipo pansi mulembe kuti anyamulidwe m'mawa. Mu Okutobala makandulo omangidwa pamwamba pa njinga masana amakafika atapindika ngati nthochi. Pa katundu yemwe masiku ake atsala pang'ono kutha ndipo mwamutsitsa mtengo, lembani mwezi wotherawo mu mzere momwemo. Wa okala yemwe katundu wake amayenda msanga agula mokondwa, ndipo amene katundu wake amachedwa adziwa kuti si wake.

Kusindikiza ndi kutumiza

Kukula kwa zilembo kusachepere 11, zikhale zakuda pa pepala loyera, ndi mizere yooneka yolekanitsa magawo. Mitundu ndi mithunzi yakumbuyo zimasanduka mdima pepala likadutsa pa fotokope kawiri. Zithunzi n'zosafunika pa shuga ndi mchere. Ziikeni pokhapo pomwe mawu akulephera, monga mitundu iwiri ya tochi kapena ya ndowa.

Potumiza pa WhatsApp, sungani pepalalo ngati PDF ndipo mulitumize posankha Document. Mukalitumiza ngati chithunzi wamba limafinyidwa, ndipo 3 ndi 8 zimayamba kufanana. Dzina la failo likhale ndi tsiku, monga katalogi-2025-06-02.pdf, kuti munthu akakhala ndi angapo m'foni adziwe latsopano. Amene alibe foni yaikulu apatseni pepala kudzera kwa anyamata a kabaza omwe amadzatenga katundu. Pindani pepalalo m'kajumbo, chifukwa liyenda m'thumba la munthu wotuluka thukuta.

Liyeseni musanagawe

Musanasindikize mapepala 100, sindikizani awiri. Limodzi mupatse munthu amene sagwira ntchito m'sitolo mwanu, makamaka wachikulire yemwe maso ayamba kuvuta, mumuuze kuti ali ndi K200,000 ndipo aode zinthu zisanu pa foni ali panja. Lina mupatse mnyamata wotulutsa katundu, atulutse zomwe wamva popanda inu kunenapo kanthu. Funso lililonse lomwe mmodzi wa iwo afunse likuloza mzere wolakwika.

Ife tinayesa ndi azakhali anga, omwe amagulitsa mandasi pamsika. Anadutsa shuga ndi mafuta bwinobwino, koma atafika pa isiti anaimba n'kufunsa kuti, "Iwe, apa walemba paketi, 10. Ndi timapaketi tating'ono tija khumi, kapena zikuluzikulu zija khumi?" Ndinali nditaiwala kulemba kukula kwake. Mnyamata nayenso anatulutsa mabatire a tochi m'malo mwa a wailesi, chifukwa mizere iwiriyo inkasiyana ndi liwu limodzi lakumapeto lomwe linadukira m'mphepete mwa gawo la dzina posindikiza. Ndinakulitsa gawo la dzina, n'kuchepetsa la nambala, ndipo pa isiti ndinawonjezera magalamu ake monga alembedwera pa paketi. Kenako ndinawapatsanso azakhali pepala latsopanolo, ndi oda ina yoti ayese.